Linyetsu likumatha n'kubweranso pomwepo, kodi vuto ndi bafa?

Wakuhositelo: Moni nonse, ndithandizeni maganizo. Pakati pa chala chaching'ono cha phazi langa lamanzere ndi chinzake, khungu layera mbuu, lafewa ndipo likusupuka. Pansi pake pali kamng'alu kofiira kamene kamawawa kakalowa madzi a sopo. Kuyabwa kumakula madzulo ndikangovula nsapato. Ndimakhala pahositelo, tonse a mbali yathu timasamba m'mabafa amodzi, ndipo pansi pake sipauma tsiku lonse. Ndinagula kirimu ya kulotirimazolo, ndikapaka zimatha, koma pakapita milungu ingapo zimabweranso pamalo omwewo. Kodi ndikumakatengeranso kubafa ulendo uliwonse? Ngati ndi choncho, mankhwala ali ndi phindu lanji poti bafalo sindingalisinthe?

Bambo Wajombo: Limenelo ndi linyetsu mphwanga. Limabwera ndi madzi akuda. Ine ndimagwira ntchito ndi jombo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndiye ndimalidziwa bwino. Viika mapazi m'madzi ofunda a mchere usiku uliwonse, likakanika udonthezemo bulichi pang'ono. Liuma lokha.

Namwino Wopuma: Bambo Wajombo, kuti ndi linyetsu mwalondola, koma bulichi pakhungu ayi, chonde. Pamene pang'aluka kale, bulichi amangootcha n'kukulitsa bala. Ndipo choyambitsa si madzi akuda ayi. Ndi mafangasi, a mtundu womwewo umene umayambitsa chipere. Madzi amangowakonzera malo, chifukwa khungu likakhalitsa lili lonyowa limafewa, iwo n'kulowa mosavuta.

Mwana wanga Wakuhositelo, ndisanayankhe za bafa ndiuze izi. Kirimuyo umapaka kangati pa tsiku, ndipo umasiya liti? Umapaka pokhapo pamene payera kapena phazi lonse? Zikhadabo zako zili bwanji, palibe chokhuthala kapena chachikasu? Nsapato uli nazo zosinthira?

Wakuhositelo: Zikomo amayi. Ndimapaka kamodzi ndikamagona, pokhapo poyabwapo. Kuyabwa kukatha, mwina sabata isanakwane, ndimasiya poti ndimaona kuti pachira. Zikhadabo zili bwino. Nsapato zotseka ndili nazo zimodzi, ndi zomwe ndimapitira m'kalasi masiku onse.

Namwino Wopuma: Ndiye kubafako mwina n'kumene unalitenga poyamba, koma limene likumabwererali ndi lomwelija, silinachoke. Taona, likubwerera phazi lomwelo, mpata womwewo, patangopita milungu yochepa. Kumeneko ndi kuphuka kwa mafangasi amene anatsala pakhungu.

Mafangasiwa amakhala m'khungu lapamwamba, louma lija limene limafundika lokha, ndipo ndi limene amadya. Kulotirimazolo ntchito yake yaikulu ndi kuwaletsa kuchulukana. Akasiya kuchulukana kuyabwa kumatha msanga, koma iwo amakhala adakali momwemo, kudikira kuti khungu limene akhalamolo lifundike. Khungu limatenga pafupifupi mwezi kuti latsopano lilowe m'malo mwa lakale. N'chifukwa chake kirimu imeneyi imapakidwa kawiri pa tsiku kwa milungu 4 yathunthu, ngakhale pataoneka pabwinobwino pa tsiku lachisanu. Iwe ukumapaka theka la mlingo, n'kusiya ulendo utangoyamba.

China, mafangasi amafika kutali kuposa pamene maso akuona. Upake mipata yonse ya zala, kunsi kwa zala kumene zimapindikira, ndi khungu lozungulira kupitirira pofiirapo ndi masentimita 2 kapena 3. Phazi linalo uliyang'anenso bwino powala. Nthawi zambiri nalonso limakhala likusupuka pang'ono koma osayabwa, ndiye upake onse awiri.

Wothamanga: Kulotirimazolo ndi yochedwa imeneyo achimwene. Gulani tebinafini, sabata imodzi basi nkhani yatha. Ife amasewera timagwiritsa ntchito imeneyo, za masilipasi kubafa sindidandaula nazonso.

Namwino Wopuma: Pa kufulumira akunena zoona. Tebinafini wa 1% amapha mafangasi, ndipo amatsalira m'khungu kwa masiku angapo munthu atasiya kupaka. Pa linyetsu la pakati pa zala, sabata imodzi imakwana kwa ambiri, ena amafunika ziwiri. Kwa munthu amene amatopa msanga ndi kupaka, ameneyu ndi wabwino. Koma kulotirimazolo kapena mikonazolo akapakidwa mokwanira amachiza ndithu, ndipo amene ali naye kale m'manja asamutaye.

Zakuti masilipasi alibenso ntchito ndiye ayi. Thupi silipanga chitetezo choti ukadwala kamodzi sudzadwalanso. Ukachira lero n'kukaponda pomwe paja wopanda kanthu kumapazi, ukhoza kulitenganso.

Mayi wa Anyamata: Pamenepo ndi pamene ndikufuna kumvetsa. Kwathu kuno tonse timasamba m'bafa limodzi. Bambo awo ali nalo, mwana wamkulu ali nalo, koma ine ndi ang'ono awiri tilibe. Ngati limafalikira m'bafa, bwanji silinatigwire tonse?

Wothamanga: Magazi amayi. Ena magazi awo ndi olimba.

Mphunzitsi wa Sayansi: Si magazi kwenikweni. Tiyambe ndi mmene limayendera. Munthu wa linyetsu akamasamba kapena kudzipukuta, timakungu tating'onoting'ono timathothoka kuphazi kwake, ndipo m'timakungumo muli njere za mafangasi. Timagwera pansi, m'mizere ya pakati pa matailosi, pa simenti yokumbika, pa kamphasa ka pakhomo la bafa. Njerezo n'zolimba, zimatha kukhala zamoyo kwa miyezi. Wina akabwera n'kuponda, timamatirira kuphazi lake lonyowa.

Koma kumatirira kokha si kudwala. Mafangasi amafuna maola ambiri pamalo ofunda ndi achinyezi kuti amere n'kulowa m'khungu. Amene watuluka m'bafa, wapukuta bwino pakati pa zala n'kuyenda ndi nsapato zotsegula, zambiri zimachoka kapena kuuma zisanamere. Amene wavala sokosi phazi lili lonyowa n'kulitsekera m'nsapato tsiku lonse, wazipatsa zonse zimene zimafuna. Mayi, ndikukhulupirira kuti bambo ndi mwana wamkuluyo ndi amene amavala nsapato zotseka tsiku lonse. Komanso ana aang'ono sawagwira kawirikawiri ngati achinyamata ndi akuluakulu.

Mayi wa Anyamata: Ndi momwemo, onse awiri ndi a nsapato zotseka. Koma mchemwali wanga amavala zotseka kuntchito, mwamuna wake ali nalo zaka ndi zaka, iye ayi ndithu.

Mphunzitsi wa Sayansi: Zimenezo zimachitika. Anthu timasiyana, ena amatuluka thukuta lambiri kumapazi, ena zala zawo n'zothinana moti mpweya sudutsa, ndipo ena chibadwa cha khungu lawo sichilola msanga. Palinso ena amene ali nawo mafangasiwo koma sakumva kalikonse, amangoona kusupuka pang'ono n'kumati ndi khungu louma. Amenewa amafalitsa osadziwa.

Mlonda wa Usiku: Inenso langa ndi lomweli. Zidendene zang'aluka moti sokosi zimakodwa, ndipo mapazi akununkha kwambiri ndikavula nsapato. Ndigule kirimu iti mwa ziwirizi?

Namwino Wopuma: Bambo, zanuzo mwina ndi zina. Ming'alu ya kuchidendene kawirikawiri imabwera ndi khungu louma ndi lokhuthala, imafuna mafuta ofewetsa. Ilipo mitundu ya mafangasi imene imagwira chidendene ndi kupansi konse, khungu n'kumaoneka ngati lawazidwa ufa m'mizere yake, ndipo imeneyo kirimu yokha nthawi zambiri siikwanitsa. Fungo lamphamvu nalo limabwera kwambiri ndi mabakiteriya. Yang'anani kupansi kwa phazi mukangotuluka m'madzi. Mukaona timaenje ting'onoting'ono tambiri pakhungu loyera, amenewo ndi mabakiteriya, ndipo mankhwala a mafangasi si amene amalembedwa pa vuto limenelo. Pitani akakuoneni ndi maso musanagule kanthu.

Mayi wa Anyamata: Amayi anamwino, bambo a kwathu amapaka kirimu ina imene inatsala pamene mwana anali ndi zotupa za pakhungu. Akuti imathetsa kuyabwa usiku womwewo. Ndayang'ana pa kachubu, muli betametazoni. Ili bwino?

Namwino Wopuma: Auzeni asiye lero lomwe, ndikukupemphani. Betametazoni ndi siteroidi yamphamvu. Imazimitsa kufiira ndi kuyabwa, zoona, koma imatero pofooketsa chitetezo cha khungu pamalopo, ndiye mafangasi amafalikira popanda chowaletsa. Ndinaonapo anthu ambiri otere pantchito. Munthu amabwera linyetsu litachoka pakati pa zala n'kukwera pamwamba pa phazi mpaka m'kakolo, m'mphepete mwake mosaoneka bwino, moti ngakhale wachipatala amayamba wakayika kuti ndi chiyani. Akasiya kupaka, kuyabwa kumabwerera mwamphamvu, iye n'kuganiza kuti kirimuyo ndi imene imamuthandiza, n'kupakanso. Khungu nalo limapyapyala ikapakidwa nthawi yaitali.

Muwachenjezeretu kuti masiku oyamba atasiya padzafiira ndi kuyabwa kuposa kale. Asabwerere. Ayambe mankhwala enieni a mafangasi, ndipo ngati lafalikira kale pamwamba pa phazi apite kuchipatala atanyamula kachubuko, chifukwa mwina pafunika mapiritsi. Samalaninso ndi makirimu osakaniza, amene muli mankhwala a mafangasi ndi siteroidi yamphamvu pamodzi. Werengani zolembedwa pa katoni musanagule.

Wakuhositelo: Ndamva za mankhwala. Ndiyamba kawiri pa tsiku, milungu 4, mapazi onse. Nanga nsapato zija? Zogula zina pakali pano sindingakwanitse.

Wothamanga: Ikani padzuwa basi, dzuwa limapha chilichonse.

Mphunzitsi wa Sayansi: Dzuwa limaumitsa, ndipo kuumako n'kofunika, koma kuwala kwake sikufika kutsogolo kwa nsapato kumene zala zimakhala. Ndiye musadalire kuti zonse zafa. Nsapato imene yavalidwa tsiku lonse imafuna pafupifupi maola 24 kuti iume m'kati, n'chifukwa chake amati muzisinthanitsa. Poti muli ndi imodzi, mukangofika kuchipinda ivuleni, masulani zingwe, tulutsani kansalu kopondapo kaume pakokha, nsapatoyo muiike podutsa mphepo osati pansi pa bedi. Mukhoza kuthiramo paudala wa mankhwala a mafangasi. Nthawi yonse imene simuli m'kalasi muziyenda ndi zotsegula.

Sokosi ndiye nkhani ina. Kuchapa ndi madzi ozizira kapena ofunda pang'ono kumachotsa litsiro koma mafangasi ena amatsalira. Amafa bwino pa madigiri 60. Ngati mumachapa pamanja, thirani madzi otentha kwambiri m'beseni, sokosi zikhalemo kanthawi, kenako muchape n'kuyanika mpaka ziume gwa. Sokosi za dzulo musabwereze, ngakhale zikuoneka zoyera.

Bambo Wajombo: Za sokosi ndikuvomereza. Ine ndimanyamula zina m'thumba, masana popuma ndimavula jombo, kupukuta mapazi n'kusintha. Chiyambireni zimenezi kusupuka kunachepa kwambiri. Koma madzi a mchere musawanyoze amayi, ine amandithandiza.

Namwino Wopuma: Sindikuwanyoza bambo. Pamene pakutuluka timadzi, kuviika pang'ono kumathandiza kuti paume, bola mukatero mupukute bwino. Chimene ndikukana n'chakuti mchere umapha mafangasi mpaka kutha. Inuyo linyetsu munasiyana nalo?

Bambo Wajombo: Limabwera nthawi ya mvula, kenako limachoka. Ndinalizolowera.

Namwino Wopuma: Ndiye mwina silichoka, limangogona. Tayang'anani zikhadabo zanu, makamaka cha chala chachikulu ndi chaching'ono.

Bambo Wajombo: Cha chachikulu chakumanja n'chokhuthala, chachikasu, chimanyenyeka ndikamawenga. Koma chimenecho ndi jombo, inandipana kalekale.

Namwino Wopuma: Zikhoza kukhala jombo, chifukwa kupanidwa kumakhuthalitsa chikhadabo. Koma chikhadabo chovulala ndi chimenenso mafangasi amalowamo mosavuta, ndipo kunyenyeka ndi chikasu zikundipatsa chikayiko. Akalowa m'chikhadabo, kirimu siifikamo. Mumachiza khungu, iwo n'kumatsikanso kuchokera m'chikhadabomo. Kuchipatala amatha kupala pang'ono n'kukayeza kuti atsimikize, ndipo n'kofunika kutero chifukwa mankhwala ake ndi akumwa kwa nthawi yaitali. Kawirikawiri ndi tebinafini wa mapiritsi, mamiligalamu 250 tsiku lililonse kwa miyezi pafupifupi 3 pa zikhadabo za kumapazi. Amatha kuvutitsa chiwindi mwa anthu ena ndipo sagwirizana ndi mankhwala ena, ndiye si ogula mwa nokha. Ngakhale mafangasi atafa, chikhadabo chabwino chimatenga chaka kapena kuposerapo kuti chikule n'kufika kumapeto. Pakadali pano chowengera chanu musabwereke munthu, ndipo chikhadabo chodwalacho muzichiwenga pomaliza.

Woyang'anira Nyumba Zogona: Ndawerenga zonse, ndipo ineyo ndili mbali inayo, ndimayang'anira mabafa a anthu ambiri. Timakolopa m'mawa uliwonse ndi sopo, koma madandaulo a linyetsu satha. Tikulakwitsa pati?

Mphunzitsi wa Sayansi: Chokolopera chonyowa chimangosuntha timakungu tija kuchoka m'bafa ili kupita m'linzake, makamaka ngati chimasungidwa m'ndowa chili chonyowa. Chofunika ndi kukwecha ndi bulashi yolimba, makamaka m'makona ndi m'mizere ya matailosi, kenako kutsukuluza ndi madzi ambiri kuti zonse zipite ku ngalande. Mukatero thirani bulichi wosungunula, gawo 1 la bulichi pa magawo 9 a madzi, akhale mphindi 10 musanatsukuluze. Musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, mpweya wake ndi woopsa. Timphasa tansalu ndi timatabwa topondapo, ngati simungathe kutiumitsa tsiku lililonse, kuli bwino kutichotsa. Ndipo ngati madzi amadikha chifukwa potulukira patsekeka, yambani ndi pamenepo.

Woyang'anira Nyumba Zogona: Ena anandiuza kuti tiike beseni la mankhwala pakhomo, aliyense aziviika mapazi polowa.

Mphunzitsi wa Sayansi: Ine sindingalimbikitse. Mankhwala amatha mphamvu anthu angapo akangopondamo, kenako limasanduka beseni la madzi a mapazi a aliyense.

Wothamanga: Koma kumalo osambirako mabeseni amenewa alipo, ndiye kuti amagwira ntchito.

Mphunzitsi wa Sayansi: Kumeneko madzi ake amasinthidwa ndi kuyezedwa pafupipafupi, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuchotsa litsiro lisanalowe m'dziwe. Pahositelo ndani aziyeza? Komabe ndinene chilungamo, ngakhale mutatsuka bwanji, munthu woyamba wa linyetsu akangosamba pansi padetsedwanso. Kutsuka kumachepetsa, sikuthetsa. Chimene chingasinthe zinthu kwambiri n'chakuti onse amene ali nalo achizidwe nthawi imodzi.

Woyang'anira Nyumba Zogona: Pamenepo ndiye povuta. Anthu amachita manyazi, sanganene. Ndipo sindingamayendere mapazi a anthu akuluakulu.

Mayi wa Anyamata: Ingomatani chikalata pakhomo la bafa, chofotokoza zizindikiro ndi masiku opaka mankhwala. Munthu awerenga yekha osafunsidwa ndi wina.

Wakuhositelo: Funso lina amayi anamwino. Masilipasi ndimavala popita kubafa, koma ndikafika ndimavula kuti ndikweche mapazi. Komanso mnzanga wa m'chipinda amawabwereka akamapita kukasamba.

Namwino Wopuma: Ndiye masilipasiwo sakukuteteza, ndipo mnzakoyo ali pangozi yotengera kwa iwe. Usambe uli chivalire. Pokwecha, tulutsa phazi limodzi, ulitsuke lili m'mwamba, ulibwezere m'silipasi, kenako linalo. Ukamaliza uwatsukuluze n'kuwaimika kuti aume. Madzi a pansi amakhudzabe phazi, ndiye chitetezo chake si chathunthu, koma chimachepetsa kwambiri.

Chachikulu chili potuluka. Pukuta mpata uliwonse wa zala paokhapaokha, makamaka womalizawo umene ndi wothina kuposa yonse. Ukhale ndi kansalu ka mapazi okha, kapena pepala lofewa loti ukapukutira utaye. Thaulo limene wapukutira linyetsu likapita m'mphechepeche, mafangasi amasamukira kumeneko, ndipo kuyabwa kwake n'kosautsa kwambiri. Pa chifukwa chomwecho, uziyamba kuvala sokosi kenako kabudula wam'kati, kuti asakhudze phazi podutsa. Kirimu upake khungu litauma, pang'ono chabe mpaka ilowe, osati kuunjika yoyera pakati pa zala, chifukwa ikachuluka imasunga chinyezi. Ukatha usambe m'manja. Khungu losupukalo usamalisende ndi zikhadabo, anthu ena amalitengera m'dzanja mwa njira imeneyi.

Ukapaka mokhulupirika milungu 2 osaona kusintha kulikonse, kapena ukamaliza milungu 4 lidakalipo, usagulenso kachubu kena. Pita akakuone, chifukwa pali matenda ena a pakhungu amene amafanana nalo.

Mwana wa Agogo: Pepani kulowerera. Bambo anga ali ndi matenda a shuga, ndipo pakati pa zala pawo payera chimodzimodzi. Iwo akuti sipawawa ndiye palibe vuto. Kuyambira dzulo pamwamba pa phazi pafiira, patupa pang'ono ndipo pakutentha ndikagwira. Ndiwagulire tebinafini?

Namwino Wopuma: Ayi mwanangu, apite kuchipatala lero, osadikira mawa. Kamng'alu ka linyetsu ndi khomo lolowera mabakiteriya, ndipo kufiira, kutupa ndi kutentha kumene ukunenako kukusonyeza kuti mwina alowa kale m'kati mwa khungu. Zimenezo zimafuna mankhwala opha mabakiteriya, kirimu ya mafangasi siingathandize. Kusamva kuwawa kusakunamizeni, shuga amawononga mitsempha ya kumapazi moti bala limakula mwini wake osamva. Tenga cholembera ulembe mzere m'mphepete mwa pofiirapo, kuti adokotala aone ngati pakukula. Ukaona mafinya, mzere wofiira ukukwera mwendo, mwanabere m'mphechepeche, kapena thupi latentha ndi kunjenjemera, muthamange nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku. Usawaviike m'madzi otentha kapena a mchere, sangamve ngati akupsa.

Mwana wa Agogo: Ndalemba mzere, tikunyamuka tsopano. Akukana koma ndawauza kuti sitikambirana.

Bambo Wajombo: Muyende bwino, mutiuze akakawaona. Amayi anamwino, za chikhadabo chija ndikaonetsa ndithu. Koma mapiritsi a miyezi 3 ine ndikuopa, ndimamwa kale ena a kuthamanga kwa magazi. Palibe wopaka?

Namwino Wopuma: Ulipo wopaka pa chikhadabo ngati utoto, koma umathandiza pamene matenda ali kumapeto kokha, osafika kumene chikhadabo chimamerera, ndipo umapakidwa kwa miyezi yambiri. Chanu mwati n'chokhuthala ndipo chikunyenyeka, ndiye ndikukayika ngati ungakwanitse. Mukapite ndi mapaketi a mankhwala onse amene mumamwa, akaone okha ngati akugwirizana. Ena amasankha kusachiza chikhadabo, n'kumangochiwenga chifupi ndi kupaka kirimu pakhungu likangoyamba kusupuka. Kwa munthu wopanda shuga imeneyonso ndi njira, kungoti m'bafa la kunyumba kwanu muzivala masilipasi kuti muteteze ena.